Batire la sola limafa ndi njala, osati ukalamba

M'nyumba zambiri za ku Salisbury Lines mumzinda wa Mzuzu muli batire lakufa. Lina lili kuseri kwa chitseko, lina adalisandutsa mpando wa mlendo, lina ana akuseweretsa pakhonde. Mwini wake akafunsidwa, yankho limakhala limodzimodzi: adamugulitsa lachinyengo. Nthawi zina zimakhaladi choncho, koma kawirikawiri batirelo lidabwera lamoyo ndipo lidafera m'manja mwa mwini wake, pang'onopang'ono, iye osadziwa.

Iyi ndiyo mfundo imene mmisiri wina wa magetsi a dzuwa adatula pamaso pa gulu la banki mkhonde la m'derali. Gululi lidamuitana kuti alithandize pa funso limodzi lokha. Mamembala adagwirizana kuti ndalama zogawana pakutha pachaka zisathere m'zitenje ndi mpunga wa Khirisimasi, koma aliyense aike nyale za sola m'nyumba mwake. Pomwe adagawanika ndi pa batire. Ena amafuna la asidi, la mtovu lija aliyense akulidziwa. Ena adamva za la lithiyamu, lopepuka koma lokwera mtengo. Amafuna mmisiriyo angotchula limodzi basi, iwo akagule.

Iye adakana kutchula asadawerengere nawo masamu, ndipo pamenepa adachita bwino.

Atapereka moni m'Chitumbuka kwa adada ndi amama amene adakhala kutsogolo, adapitiriza m'Chichewa. Adati panelo limene limaikidwa padenga lili ngati munda, pomwe batire ndi nkhokwe. Banja likamadya kuposa zimene munda ukubereka, kukula kwa nkhokwe sikungalipulumutse. Kenaka adapempha mayi mmodzi kuti anene zimene akufuna kuyatsa kunyumba kwake.

Mayiyo adati akufuna mababu anayi a m'nyumba oyaka kuyambira 6 koloko madzulo mpaka 11 koloko usiku, babu limodzi la panja loyaka usiku wonse kaamba ka akuba, komanso kutchaja mafoni a pabanjapo. Mmisiriyo adalemba zonse pachikatoni. Adafotokoza kuti wati imodzi ikayaka kwa ola limodzi ndiye muyeso umodzi wa magetsi, umene pamabokosi amaulemba kuti Wh. Mababu anayi a mawati asanu kwa maola asanu amadya miyeso 100. Babu la panja la mawati asanu kwa maola 12 limadya 60. Mafoni adawapatsa 40. Zonse pamodzi ndi miyeso 200 pausiku umodzi.

Kukadakhala ku Karonga kapena ku Nsanje kumene dzuwa limaswa mtengo, masamu akadathera pompo. Koma Mzuzu ndi Mzuzu. Mvula imachedwa kusiya, imafika mpaka mu Epulo ngakhale mu Meyi, ndipo mu Juni ndi Julaye mumakhala nkhungu ndi mvula yowaza moti dzuwa limatha kubisala masiku awiri kapena atatu. Pa tsiku lotere panelo limabereka pang'ono chabe, mwina gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a zimene limabereka kukawala. Tsono nkhokwe iyenera kusunga chakudya cha masiku atatu, kutanthauza miyeso 600.

Apa mpamene mabatire awiriwa amasiyanirana. Batire la asidi lolembedwa kuti 100Ah ndi 12V limasunga miyeso pafupifupi 1,200, chifukwa manambala awiriwo amachulukitsidwa. Koma si yonse yodyedwa. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupyola theka, apo ayi moyo wake umafupika kwambiri. Choncho mwa 1,200 ija, ya mayiyo ndi 600 yokha. Batire la lithiyamu la mtundu umene amalemba kuti LiFePO4 limalola kudyedwa magawo asanu ndi atatu mwa khumi popanda kudandaula. Ndiye kuti la 60Ah lokha, limene limasunga miyeso pafupifupi 770, limapereka 600 yomweyo.

Izi zikutanthauza kuti munthu amene amafika m'sitolo nkufunsa mtengo wa 100Ah la asidi ndi 100Ah la lithiyamu, kenaka nkugwira pakamwa, akuyerekeza zinthu zosafanana. Lofanana ndi la asidi la 100Ah ndi la lithiyamu la 60Ah. Likadali lokwera mtengo, koma kusiyana kwake sikuchititsanso mantha ngati poyamba.

Mmisiriyo adakhalitsa pa nkhani ya panelo, ndipo mpake, pakuti apa mpamene mabanja ambiri amatayira ndalama. Munthu amagula batire lalikulu la 100Ah, ndalama nkuchepa, ndiye amatenga kapanelo ka mawati 50 kuti angoyambirapo. Pa tsiku la dzuwa labwino, kuchotsera zotayika m'mawaya ndi kutentha, kapanelo kotere kamabereka miyeso pafupifupi 175. Banja lija likudya 200. Ngakhale mu Okutobala, nkhokwe ikutsika tsiku lililonse. Ikafika sabata ya nkhungu, imagwa pansi ndipo siidzadzanso.

Batire la asidi likatsika, pamapuleti ake a mtovu pamamera zoyera zochokera mu asidi. Likatchajidwa msanga mpaka kudzaza, zoyerazo zimasungunuka nkubwerera m'madzi. Likakhala masiku ambiri lisadadzaze, zimauma nkukakamira ngati nsima yogonera m'poto, ndipo malo amene zakakamira sasunganso magetsi. Batirelo kunja limaoneka latsopano, koma m'kati nkhokwe yasanduka kadengu.

Chizindikiro chake chimapusitsa anthu. Kontolola imasonyeza kuti batire ladzaza 10 koloko m'mawa, mwini wake nkumasangalala kuti lake limatchaja msanga. Ikamakwana 8 koloko usiku, mababu azima. Kadengu kamadzaza msanga ndipo kamatha msanga. Bambo wina pagululo atamva izi adangogwedeza mutu, chifukwa lake lidachita zomwezo lisadathe ndi chaka chomwe, ndipo adakangana ndi wogulitsa mpaka kuleka kupatsana moni.

Batire la lithiyamu lilibe matenda amenewa. Likhoza kukhala sabata yonse lili theka osaonongeka, ndipo dzuwa likangotuluka limalandira magetsi mofulumira, kutaya ochepa. Kwa mzinda wa mitambo ngati Mzuzu, ubwino umenewu ndi waukulu kuposa kupepuka kwake kumene ogulitsa amakonda kutchula. Komabe mmisiriyo adanenetsa kuti batire lililonse limene angasankhe, panyumba ya mayi uja pakufunika panelo la mawati 150 kapena kuyandikira pamenepo. Lotere limabereka miyeso yoposa 500 kukawala, moti banja likadya 200 yake, yotsalayo imabweza ngongole ya masiku a nkhungu m'masiku awiri kapena atatu.

"Amayi ndi abambo, ngati ndalama zachepa, chepetsani mababu, musachepetse panelo," adatero.

Pali chinthu china chimene masamu a pachikatoni saonetsa, ndicho khalidwe la anthu. Palibe nyumba imene imakhala pa miyeso 200 mpaka kalekale. Pakatha miyezi iwiri pabwera wailesi ya kanema, mwana wa asukulu afuna kuwerenga mpaka pakati pausiku, oyandikana nawo ayamba kubweretsa mafoni. Kontolola imakhala ndi ntchito yozimitsa mababu batire likatsika kwambiri, koma ikazimitsa mpira uli m'kati, mnyamata wa panyumbapo amangomasula mawaya nkulumikiza mwachindunji kumitu ya batire. Kanema amayakadi, onse nkumuyamikira kuti ndi wanzeru. Batire la asidi silingadziteteze, limapereka mpaka kufa. La lithiyamu lili ndi mlonda wake m'kati, kabolodi kotchedwa BMS, kamene kamatseka chitseko kokha magetsi akatsala pang'ono kutha, ndipo sikamva kuchonderera.

Kaamba ka zifukwa ziwirizi, mitambo ndi manja ambiri ogwira batire limodzi, banja la ku Salisbury Lines limene lingakwanitse liyenera kutenga la lithiyamu laling'ono ndi panelo lalikulu, kusiyana ndi la asidi lalikulu ndi panelo laling'ono. Opanga amati la asidi la masiku onse limapirira kutsitsidwa theka ndi kudzazidwanso maulendo mazana angapo, pomwe la LiFePO4 limapyola maulendo 2,000. Palinso nkhani ya kwacha. Mabatire onsewa amachokera kunja, ndipo ndalama ya dziko lino idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amagula batire chaka ndi chaka amapeza mtengo watsopano ulendo uliwonse akabwerera kusitolo.

Izi sizikutanthauza kuti osankha la asidi alibe nzeru. Mlembi wa gululo adafunsa funso lolemera: nanga amene gawo lake silikwana, akongole? Yankho loona ndi lakuti ayi. Ngongole ya banki mkhonde imabala chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi, ndipo phindu la batire la lithiyamu limaoneka patapita zaka. Munthu akakongola kuti agule, chiwongoladzanja chidzadya phindulo lisadafike. Wotereyu agule la asidi, koma adziwe kuti wagula chiweto chofuna kusamalidwa.

Kusamala kwake mmisiriyo adakufotokoza mwachidule. Likhale batire la sola, osati la galimoto, chifukwa la galimoto lili ndi mapuleti opyapyala opangidwira kuliza injini kwa kanthawi, osati kuyatsa mababu usiku wonse. Pakhale kamita koyezera mavoliti, ndipo aziyeza m'bandakucha mababu atazimitsidwa kwa kanthawi, dzuwa lisadagunde panelo. Batire lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likaonetsa 12.2 lafika theka, ndipo usiku wotsatira babu la panja ndi kanema zipume. Likamapezeka pansi pa 12.0 m'mawa uliwonse, ndiye kuti likufa. Ngati lili ndi zitsekerero pamwamba, mwezi uliwonse aziona ngati madzi akukwirira mapuleti, nkuonjezera madzi a batire ogula, osati a pachitsime kapena a pampopi, komanso osati asidi. La jelo silitsegulidwa konse. Batire losamalidwa chonchi, lokhala ndi panelo lokwanira, limatha zaka zitatu kapena zinayi.

Kamita komweko sikathandiza kwenikweni pa batire la lithiyamu. Ilo limaonetsa mavoliti 13 ndi kakang'ono pamwamba pafupifupi ulendo wonse, kenaka nkuzima mwadzidzidzi. Anthu ena amaganiza kuti lafa nkuyamba kulitsegula ndi sikuludiraiva, chonsecho ndi mlonda uja watseka chitseko ndipo adzatsegula likalandira magetsi. Ndi makontolola ena, likafika potere pamafunika mmisiri kuti alidzutse.

Kontolola nayo ndi malo ena ogwera. Amene ali kale ndi sola ndipo akufuna kungosintha batire ayenera kuona ngati kontolola yake ili ndi malo a lithiyamu. Pamakontolola ambiri pamasankhidwa mtundu wa batire, ndipo pamaoneka zilembo monga FLD, GEL kapena LI. Ikasiyidwa pa batire la madzi, nthawi ndi nthawi imakweza mavoliti dala kuti itakase asidi, zimene batire la lithiyamu silifuna. Ndipo mabatire awiriwa salumikizidwa pamodzi, ngakhale lakalelo likuoneka kuti likadali ndi kamoyo.

Chodetsa nkhawa chenicheni pa lithiyamu ndi chinyengo, ndipo amene amaliopa pa chifukwa chimenechi sakulakwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Batire la asidi lachinyengo limagwidwa ndi sikelo ya chimanga, chifukwa mtovu sunama: la 100Ah lenileni limalemera makilogalamu 28 mpaka 30 kapena kuyandikira apo, ndipo lolemera 17 si la 100Ah ngakhale chikalata chake chitawala bwanji. La lithiyamu ndi bokosi lomata, lopepuka mwachibadwa, ndipo m'kati mukhoza kukhala timabatire takale tochotsedwa kwina. Poyambira ndi kuwerenga zolembedwa. Pakhale LiFePO4 ndi 12.8V. Pakalembedwa 11.1V, umenewo ndi mtundu wina wa lithiyamu, wachibale wa mabatire a m'mafoni ndi m'malaputopu, umene sukhalitsa chimodzimodzi ndipo suchedwa kugwira moto ukaonongeka kapena kutchajidwa molakwika.

Zolembedwa nazo zimanama, nchifukwa chake njira imene mmisiriyo adapereka ndi yoyenera kuti magulu ena aitengere. Adati gululo lisagule mabatire onse tsiku limodzi. Ligule limodzi, lilidzaze, kenaka lilumikize mababu 12 a mawati asanu, amene pamodzi amadya miyeso 60 pa ola. Batire la 60Ah lenileni liyenera kuwayatsa kwa maola pafupifupi 12. Likazima pa maola asanu ndi awiri, libwerere kumene lidachokera ndipo gulu likafune kwina. Munthu mmodzi akabweza katundu, wogulitsa amatha kumunyoza. Gulu limene latsala ndi mabatire ambiri oti ligule limamvedwa.

Pa chifukwa chomwechi, lisiti likhale ndi nambala ya batire komanso chitsimikizo cholembedwa cha nthawi imene angalibweze likavuta, osati lonjezo la pakamwa. Woika magetsiwo afunsidwe chiphaso cha bungwe la MERA, limene limapereka zilolezo kwa ogwira ntchitoyi. Ku Mzuzu sikusowa odziwa ntchito, pakuti yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa za mphamvu za dzuwa kwa zaka zambiri. Vuto nlakuti mabanja amafuna katswiri zinthu zitaonongeka kale.

Mfundo ina ndi ya Salisbury Lines yeniyeni. Derali lili m'dambo, madzi ali pafupi ndi nthaka, ndipo mvula ikalimbika amalowa m'nyumba. Batire la asidi, kaamba ka kulemera, anthu amaliika pansi pasimenti. La lithiyamu siliyanjana ndi chinyontho ngakhale pang'ono chifukwa cha kabolodi kaja. Lililonse likhale pashelefu yolimba, pamwamba pa mzere umene madzi adasiya pakhoma chaka chatha, kutali ndi mbaula. La asidi la zitsekerero limatulutsa mpweya wogwira moto likamatchaja, choncho lisakhale m'bokosi lotsekeka kapena pafupi ndi kandulo, ndiponso lisakhale pamutu pa bedi la ana.

Pomwe mmisiriyo adadutsa mofulumira, mwina poona kuti dzuwa lapendeka ndipo amayi akuganiza za ndiwo, ndi pa mabatire akufa aja ali kuseri kwa zitseko. Nkhaniyi imayenera nthawi yochuluka. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa mwana mosabwerera, ndipo mwanayo saoneka kudwala msanga. Tauni ya Kabwe ku Zambia ikulimbanabe ndi mtovu m'dothi lake ngakhale mgodi udatsekedwa mu 1994. Ku Thiaroye-sur-Mer, m'mbali mwa mzinda wa Dakar ku Senegal, ana 18 adamwalira pakati pa 2007 ndi 2008 m'dera limene anthu amaswa mabatire akale pakhomo kuti atengemo mtovu wogulitsa.

M'dera limene zitsime nzosaya ndipo ana amasewera m'ngalande, kutsanulira asidi wa batire pansi kuti lipepuke ponyamula ndi kuthira poizoni m'madzi a anthu onse. Batire lakufa ligulitsidwe lathunthu, losaswa ndiponso losakhuthula, kwa ogula zitsulo zakale kapena kusinthanitsa kwa wogulitsa latsopano. Apa la asidi lili ndi mwayi umodzi: likafa limagulidwa. La lithiyamu likafa ogula amasowa, ndipo silitayidwa m'dzala kapena kuotchedwa ndi zinyalala. Gulu limene likugula ambiri nthawi imodzi likhoza kuika m'pangano kuti wogulitsa adzawalandire akadzatha.

Msonkhanowo udatha gululo litagawa mamembala pawiri. Amene magawo awo akukwana adalembetsa batire la lithiyamu la 60Ah ndi panelo la mawati 150. Enawo adalembetsa la asidi la 100Ah ndi panelo lomwelo, ndipo gulu lidzagula kamita kamodzi kosungidwa ndi msungichuma, kozungulira m'nyumba zawo sabata iliyonse. Batire loyesera lidzagona kwa mlembi, amene adalonjeza kukhala maso ndi wotchi mpaka babu lomaliza litazima. Bambo uja wokangana ndi wogulitsa adafunsa ngati lake lingadzukenso. Mmisiriyo adamufunsa kukula kwa panelo lake, ndipo atamva kuti ndi la mawati 40, adamuuza kuti batirelo akaligulitse kwa a zitsulo, ndipo wogulitsa uja akamupatse moni.